Mawu Amene Asisi Anachotsa

Ine nkhani sindisunga, aliyense amadziwa. Koma iyi ndinaisunga milungu itatu yathunthu, poti ndi ya asisi anga.

Asisi ndi kalaliki pafakitale yocheka matabwa. Akapitawo a kumakina amawatumizira mauthenga pafoni, Chichewa ndi Chingerezi zosakanizasakaniza, iwo n'kuwalembanso m'Chingerezi chovala tayi, choti mabwana a kulikulu awerenge.

Lolemba lina akapitawo analemba kuti: "Sister, machine 3 guard yathyoka. Tell them wina asiyapo dzanja this week, ine ndanena." Guard ndi kachitsulo kotchinga mpeni wa makina. Asisi anaona ngati ndi phokoso lawo la masiku onse, poti bambo aja ngakhale babu likapsa amalemba ngati kwagwa maliro. Anachotsa za dzanjazo, n'kungolemba mwaulemu kuti makina achitatu akufunika amakaniko. Kulikulu anaziika pamzere wa zokonza mwezi wamawa.

Lachinayi makinawo anadula zala zitatu za bambo wina amene ndimaphunzira ndi mwana wake.

Kulikulu anati akapitawo sanachenjeze kuti pali ngozi, ndiye achotsedwa ntchito. Loweruka m'mawa akapitawowo anafika kwathu, chipewa m'manja. Ine ndinali kutsuka mbale kuseri kwa chitseko, makutu tcheru.

"Mwanangu, foni yanga ana anaigwetsa m'madzi, zonse zinafufutika," anatero. "Uthenga uja ukadali nawo?"

"Ndili nawo, bambo."

"Ine Chingerezi changa n'cha m'thumba, mwina ndinalemba zosamveka."

"Zinamveka," anayankha asisi. "Ndine ndinachotsa."

Akapitawo anaimirira. Kenako anati, "Sindinabwere kudzakuthetsera ntchito. Amayi ako akudalira iwe." Anavala chipewa n'kumapita, tiyi osamwa.

Amayi anatulukira kuchipinda. "Iwe, manijala wakufunsa kanthu?"

"Ayi."

"Ndiye tseka pakamwa. Aja ndi achikulire, ana awo ali pantchito."

"Amayi, munthu ananena," anatero asisi. "Ndiye akamuchotsere kusanena?"

Masana asisi anakhala patebulo ndi kompyuta ya kuofesi. Anaika uthenga wa akapitawo mmene unalili, tsiku ndi nthawi yake. Pansi pake anaumasulira wonse, ndi dzanja lomwe. Pansinso anaika zimene anatumiza poyamba zija, n'kulemba kuti anafupikitsa okha, popanda wowatuma. Anawerenga kanayi. Ndinawafunsa ngati sangaufewetseko pang'ono, anangondiyang'ana, n'kutumiza kulikulu.

Yankho linabwera patatha masiku khumi. Akapitawo sanachotsedwe. Asisi anawapatsa kalata yowachenjeza komaliza, n'kuwasamutsira kositolo, kowerenga misomali. Amayi sanawayankhule masiku awiri.

Mnzanga uja, mwana wa bambo ovulala, anandifunsa kusukulu chifukwa chake asisi sakhalanso muofesi. Madzulo ndinafunsa asisi choti ndimuyankhe.

"Ukamuuze zonse," anatero. "Usachotsepo kanthu."