Chitseko Chinapita ku Petauke pa Njinga

A Webster Mwanza anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito anatsimikiza kuti diso lawo ndi tepi yoyezera. Ine ndine mlamu wawo, koma kunena zoona munthu uyu amanditopetsa.

Kunyumba kwawo ku Kalindawalo kuli kachipinda komwe akazi awo, a Dainess, ankasungamo matumba awiri a nsawa zambewu. Mbewu yonse ya chaka inali yomweyo. Handulo ya chitseko chake inathyoka, loko nayo n'kufa, chitseko chikungotseguka chokha. Ndipo mbuzi za pamudzipo si mbuzi, ndi zigawenga.

Pochokera kumaliro ku Nyimba, a Webster anagula handulo yatsopano ndi loko yake.

"Munapima, a Mwanza?" anafunsa a Dainess.

"Ninapima na maso, amai."

Analowetsa loko m'mphako yake m'mphepete mwa chitseko. Inalowa ndithu. Koma bowo la loko, lopitamo kachitsulo kamene handulo imatembenuza, silinakumane ndi bowo la chitseko. Bowo la kiyi nalonso chimodzimodzi. A Dainess anati angoboola mabowo ena. A Webster anakana kwamtuwagalu: chitsekocho n'cha mukwa, anapala ndi malemu bambo awo, palibe wochilasa.

Ulendo wachiwiri anapita ku Petauke, kushopu ya mayi wina dzina lake Natasha. Mayiyo anawafotokozera bwinobwino kuti ayeze kuchokera m'mphepete mwa chitseko kufika pakatikati pa bowo la handulo, chifukwa maloko ake ena ndi a mamilimita 44, ena 57. Anati ayezenso kunenepa kwa chitseko.

"Tengani tepi iyi, mubweze mailo," anatero, kutanthauza mawa.

"Ine tepi? Ninaphunzitsa anthu amene apanga matepi!"

Anasankha ndi maso ya 57, ndipo mwamwayi inali yomweyo. Kunyumba mabowo anakumana. A Webster anaitana ngakhale ine kuti ndidzaone nzeru. Analowetsa kachitsulo, n'kumanga handulo mbali zonse ziwiri. Yakunja inagwira. Yam'kati inkangogwa pansi osakoka kanthu, pakuti kachitsuloko kanathera m'mimba mwa thabwa. Malemu bambo awo sankaumira mukwa.

Safunsa anadya phula, koma uyu anachita kufunsa, kuyankhidwa, n'kudyabe. Loko ikanatha kukiyidwa momwemo, nsawa n'kugona mtendere. Iwo ayi, anati mphunzitsi sasiya samu ili theka. M'mawa mwake, a Dainess atapita kudimba, anazula chitseko chonse, n'kuchimanga pa njinga. Pakhomo la kachipindako anatsamiritsapo mphasa, n'kuiyang'ana kawiri ndi diso lawo lija. Inakwana.

Anthu a m'njira amasimbabe mpaka lero. Chitseko chimayenda chokha mumsewu, miyendo iwiri ikupalasa pansi pake. Mphepo inawagwetsera m'munda wa thonje kawiri. Bambo wina woledzera anagogodapo n'kunena kuti odi, ndipo a Webster, poti ndi munthu waulemu, anayankha.

Kushopu, Natasha anaseka mpaka kugwira kauntala. Kenako anatulutsa tepi yomwe ija.

"Apa 57, mwaona? Manje kunenepa... iyayi, bambo, 55! Vitseko vambili ni 40 cabe. Ici ni citseko olo ni mlatho?"

Ntchito yoyezayo sinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Anawapatsa kachitsulo kotalikirapo, n'kuwamangira zonse pakhonde pomwepo. Handulo zonse ziwiri zinagwira. A Webster anatembenuza kiyi, chitsulo cha loko n'kutulukira m'mphepo, ndipo mtima wawo unakhala m'malo. Anapalasa ulendo wobwerera chitseko chili chokiya, makiyi ali m'thumba lapachifuwa, akumalisisita.

Ndinali pomwepo pamene ankafika. Mphasa inali pansi, nayonso yodyedwa ngodya. Mbuzi zisanu ndi ziwiri zinali gone pamthunzi, mimba ngati ng'oma, zosatha n'kuthawa komwe. A Dainess anali atakhala pakhomo lopanda chitsekolo, m'chitenje mwawo muli nsawa zosadzaza ndi manja awiri, zimene anatola m'fumbi. Ndinamva chisoni, pakuti mayi ameneyu anasankha mbewu imeneyo imodziimodzi, ndipo kum'mawa mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kale kuda.

A Webster anatsitsa chitseko mwakachetechete. Anachikoloweka, n'kutseka, n'kukiya. Chinakwana bwino kwambiri, moti sindinaonepo chitseko chokhala bwino chotero. Kenako anapereka makiyi kwa akazi awo ndi manja awiri.

A Dainess anawayang'ana makiyiwo, kenako anadzuka, n'kukatenga khasu kuseri kwa nyumba.

"Sungani, a Mwanza," anatero, akuwapatsa khasulo. "Mvula ikagwa mailo, mukabyale makiyi yamene ayo."