Chitenje Chachikasu pa Masitepe a ku Bandawe

Mayi ake a Stella ankathawa kamera moyo wawo wonse. Atamwalira, ana anasakasaka m'mafoni n'kupeza chithunzi chimodzi chokha, cha pa ukwati ku Bandawe: anthu khumi ndi anayi atathithikana pa masitepe a tchalitchi, mayiwo ali kumapeto, atavala chitenje chachikasu.

Chaka chinatha bambo ake, a Zacharia, osatchulako dzina la mkazi wawo. Zimenezi zinkamupweteka Stella. Anaganiza zowapangira chithunzi chopachika pakhoma, mwina n'kumasuka pakamwa.

Anapita nacho kwa Griffin, wojambula wa pa Chintheche, munthu wodzitama koma wodziwa ntchito.

"Ndikawadula okha n'kuwakulitsa, nkhope isokonekera," anatero Griffin. "Bola ndiwasiye ndi mtundu, ena onsewa atuwe."

Anadina pachitenje paja, chithunzi chonse chinatuwa kupatula zachikasu. Komatu kompyuta sidziwa maliro, imangodziwa mtundu. Chitenje chinatsaladi, pamodzi ndi chigubu cha madzi chimene wina anaiwala pasitepe, ndiponso tayi ya Aleck, mchimwene wa Stella. Nkhope ya mayi ndiye inali mbuu.

Griffin anasiya zodzitama n'kuyambanso pamanja. Anayala chithunzi chotuwa pamwamba pa chenicheni, n'kumafufuta chotuwacho pang'onopang'ono pamene panali mayi pokha, mpaka nkhope, mikono ndi chitenje zinabwerera. Paphewa pawo panali dzanja la a Zacharia. Analilambalala bwinobwino, chala ndi chala.

Aleck atachiona anakwinya nkhope.

"Zithunzi zotuwa timaziona pa mapulogalamu a maliro. Apa wafa ndi ndani, ama kapena ife? Ada usawaonetse zimenezi, uwapweteka."

Stella anachita mantha, chifukwa Aleck sankanama. Masiku atatu chithunzi chinagona pansi pa matiresi. Tsiku lachinayi Stella anapeza bambo ake akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, anangowapatsa chithunzicho.

A Zacharia anapukuta manja pa buluku. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka Stella anayamba kupepesa.

"Ada, ndikauza Griffin abwezere mitundu ya onse."

"Ayi, asabwezere. Pakhomo pano ndimaona chonchi kuyambira tsiku lija." Anakhudza chitenjecho ndi chala. "Ndinamugulira ku Mzuzu ichi. Christie anati n'chowala kwambiri, anthu amuseka. Koma anachivala."

Stella analira, osati chifukwa cha chitenje. Dzina lija linali litatuluka.

Bambowo anayandikitsa chithunzi kumaso, n'kuloza dzanja lotuwa lili paphewa pa mkazi wawo.

"Mnyamatayo wachita bwino. Koma ukamuuze abwezere dzanja ili lokha. Tsiku limenelo linali lamoyo."