Amayi Alowe M'kalata

Kalata ya ntchito inakhala pa tebulo masiku awiri yosasainidwa, itapsinjidwa ndi buku la nyimbo kuti mphepo isaiulutse. Mwini wake, mmisiri wa makina amene anzake ankamutcha Sipanala, ankangoizungulira. Za malipiro anali atagwirizana kale, ndipo anali abwino. Koma fakitale yatsopanoyo inali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo kuchipinda kunagona amayi ake, ofa ziwalo mbali imodzi.

Kalatayo inati kampani idzabweza ndalama za lole ya katundu ndi za basi ya wantchito, mkazi wake ndi ana, akadzaonetsa malisiti. Za kholo inalibe mawu. Chonsecho amayi sakanatha kukhala tsonga ngakhale ola limodzi.

"Mukawapemphe galimoto yoti amayi agonemo," anatero mkazi wake akupinda zovala.

"Amake mwana, Ambuye atitsegulira khomo. Ndikayambenso kupempha zina? Kumeneko si kusayamika?"

"Inu bambo, Lamulungu mumaimba za kugogoda mpaka mazenera a tchalitchi kunjenjemera. Lero mwapeza chitseko chenicheni, manja alowa m'thumba?"

Kuchipinda kunamveka mawu olemera lilime: "Musavutike, ananga. Mudzandimangirire pamwamba pa lole ngati matiresi."

Onse anaseka, koma Sipanala anali atatsimikiza mtima. Amene anamubereka kumsana sangasanduke katundu wotsala. Anagwada pambali pa bedi napemphera mwachidule, kenaka anayamba kuimbira foni eni magalimoto onyamula odwala. Pofika madzulo anali ndi mitengo itatu yolembedwa pa mapepala.

M'mawa mwake anakwera masitepe a ofesi yaikulu ya kampaniyo, yomwe inali mumzinda wawo womwewo. Mayi wolemba anthu ntchito anamulandira m'kachipinda kodzaza mafayilo, namupatsa cholembera.

"Takulandirani, bambo. Musaine apa."

"Zikomo, mayi. Ntchitoyi ndikuifuna ndi mtima wonse, ndipo za malipiro sindibwereranso. Koma ndili ndi pempho limodzi ndisanasaine."

Anafotokoza za amayi ake, nayala mapepala atatu aja pa desiki.

Mayiwo anawerenga, navula magalasi. "Lamulo lathu limatchula mkazi ndi ana basi. Koma tayambani ntchito, tidzaona. Ndife anthu."

Mawu okoma ndithu, ndipo Sipanala anatsala pang'ono kugwira cholembera. Koma anakumbukira kuti makina amawayesa asanatseke chivundikiro. Akasaina, chotsala n'kudandaula.

"Sindikukayikirani, mayi. Koma mawa mukakwezedwa udindo, wobwera pampandopo adzawerenga pepala, osati mtima wanu. Amayi alowe m'kalata."

"Aa, a Sipanala, mwabwera kudzandimanga ngati bauti?"

"Pang'ono pokha, mayi, kuti pasagwedere."

Mayiwo anaseka, natenga mapepalawo kupita kwa bwana wa fakitale, yemwe tsikulo anali pa ofesi. Sipanala anatsala yekha ndi wotchi ya pakhoma. Nanga akabwera n'kuti tapeza wina? Anayamba kung'ung'udza nyimbo chamumtima, ija amaimba akamasambitsa amayi, ndipo anaimaliza mavesi onse kawiri.

Mayi aja anabwera atanyamula kalata yatsopano. "Bwana akuti makina awo akhala miyezi itatu opanda mwini. Lamulo sitisintha, koma za kusamuka zili ndi thumba lakelake, ndipo iwo angavomereze mwapadera. Titenga mtengo wotsika pa itatuyi, ndipo mwini galimoto timulipira tokha, musadikire zobwezeredwa. Koma mvetsetsani: mukachoka zisanathe zaka ziwiri, mudzabweza gawo la zosamukirazi, molingana ndi miyezi yotsala."

Sipanala analandira kalatayo. Zaka ziwiri ndi goli, ngakhale bwana atakhala wouma mtima. Koma goli la amayi analisenza kale, ndipo silinamuthyole khosi.

"Ndiwerenge kaye," anatero.

Anayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka pa ndime yachisanu ndi chiwiri. Panalembedwa: galimoto yonyamula odwala, ya mayi wa wantchito ndi wowaperekeza mmodzi. Apo ndi pamene anasaina, osathamanga.

Kunyumba anapeza mkazi wake akuwatembenuza amayi. Anawawerengera ndimeyo mokweza ngati phunziro la m'kachisi.

"Ndiye pamwamba pa lole paja mwandimana?" anafunsa amayi, diso limodzi likuseka, lina likugwetsa msozi.

"Pamenepo pakwera bedi lanu, amayi. Inu muyenda chogona, apongozi anu ali pambali."

Mkazi wake anamuponyera chingwe. "Alemekezeke Ambuye. Tsopano kagogodeni kwa aneba, atibwereke makatoni."