Kalata Yopepesa Makina Osokera

Pasitolo yogulitsa nsalu ndi makina osokera panali kalata imodzi yopepesera onse amene katundu wawo wachedwa. Akalaliki ankangosintha dzina ndi tsiku, n'kuisindikiza. Zinkayenda bwino mpaka mayi wina wosoka madiresi, amene makina ake anafika mochedwa ndi sabata yathunthu, anaimba foni n'kuilakatula kalata yonseyo pamtima. Kanali kachitatu kuilandira.

Abwana atatsitsa foni anaitana akalaliki.

"Mayi uja tikamutaya, tataya msika. Mulembe ina yatsopano. Mawu oti 'tikupepesa chifukwa cha zovuta zilizonse' ndisawaonenso."

Akalaliki anali bambo wofatsa, wosakwatira, ndipo pamoyo wawo sanalakwirepo munthu mokwanira kuti aphunzire kupepesa. Anakhala padesiki m'mawa wonse. Analemba "Pepani," n'kufufuta. Analemba "Pepani kwambiri," n'kuona kuti ndi yomweyo yangonenepa.

Masana kunalowa adalaivala, omwe anachedwetsa makinawo powasiya m'nyumba yosungira katundu kuseri kwa mabelo a nsalu.

"Mwatupa nkhope bwanji, achimwene?"

Akalaliki anafotokoza. Adalaivala anakoka mpando.

"Mwafunsa eniake. Ine alamu anu ndawapepesa zaka zonsezi, sindinabwerezepo mawu. Choyamba, osati 'ife'. Ife ndani? Munthu amafuna aone mutu umodzi woti aukwiyire. Chachiwiri, osanamizira mvula kapena tayala. Chachitatu, nenani mmene iyeyo anavutikira, asanakuuzeni yekha."

Malangizowo anali omveka, ndipo akalaliki analemba zonse zimene adalaivala ankayankhula atatsinzina, dzanja lili pachifuwa:

"Mayi, ndinalonjeza kufika Lachiwiri koma sindinaoneke. Ndikudziwa kuti munadikira pakhomo, mukumasuzumira mukamva galimoto. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Chifukwa ndilibe, ndalakwa ndine. Ena angakulonjezeni zambiri, koma musandisiye. Ndipatseni mpata wina, ulendo uno ndifika nthawi yake."

Akalaliki anaiwerenga n'kukhutira nayo. Pepala la chizindikiro cha sitolo linali litatha, choncho anasindikiza pa pepala loyera, n'kusaina okha, n'kutumiza.

Patapita masiku awiri, m'sitolo munalowa bambo wamtali, wa mapewa odzaza chitseko, kalata ili m'manja.

"Analemba izi ndani?"

Adalaivala anakumbukira mwadzidzidzi kuti galimoto ikufunika madzi. Akalaliki anaimirira.

"Ndine, bambo."

"Inu? Ndinu amene munalonjeza akazi anga Lachiwiri?"

"Makina, bambo. Makina osokera ndi amene amayenera kufika Lachiwiri."

"Ndionetseni pamene palembedwa makina."

Akalaliki anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Panalibe makina, panalibe nambala ya oda, ngakhale dzina la sitolo. Thukuta linatsikira m'kolala. Abwana, amene anali atatuluka mu ofesi, anawerenga nawo n'kugwira pakamwa, kenaka anathamangira kukatenga lisiti.

Bamboyo analiyang'ana lisitilo kanthawi, n'kudzigwetsa pampando wa makasitomala.

"Zoti ndi makina ndinazindikira nditangokuonani," anatero. "Vuto si limenelo. Mayi akunyumba anaiwerenga kalatayi kawiri, kenaka anandiwerengera ine mokweza. Akuti munthu wa kusitolo akudziwa kuti ankadikira pakhomo, koma ine amene ndinawasiya pachipatala tsiku lonse chaka chatha ndinangoti kunali mzere wa magalimoto. Dzulo ndadya ndekha. Lero andifunsa ngati ndikufuna pepala ndi cholembera."

"Pepani chifukwa cha zovuta zilizonse," anatero akalaliki, mawu akale aja atangotuluka okha.

"Eya, imeneyo. Bwanji simunatumize imeneyo? Inali isanavulazepo munthu."

Abwana analamula kuti kalata ilembedwenso pomwepo. Ulendo uno inayamba ndi makina osokera ndi nambala ya oda, inatchula tsiku limene analonjeza ndi limene anafika, inavomera kuti anaiwalika mosungira katundu, inati ndalama yonyamulira ibwezedwa, ndiponso kuti kuyambira tsopano sitolo iziimba foni katundu akangonyamuka. Mawu oti "ndalakwa ndine" akalaliki anakana kuwachotsa, ndipo abwana anawasiya.

Bamboyo anaiwerenga mosamala ngati mgwirizano wa nyumba, akufunafuna mawu oopsa.

"Iyi ndingapite nayo," anatero. Anaipinda n'kuima. Pakhomo anatembenuka. "Anakuthandizani ndani yoyamba ija? Si nzeru zanu zimenezi."

Akalaliki analoza panja, pomwe adalaivala anali atabisa mutu m'boneti. Bamboyo anapita komweko. Akalaliki anasuzumira pawindo akuyembekeza kumva chibakera, koma anaona awiriwo atatsamira galimoto, adalaivala atatsinzina, dzanja pachifuwa, mnzawoyo akulemba kuseri kwa envulopu n'kumawauza kuti achepetse liwiro.