Botolo Lobiriwira la Bambo Ake Mwana

Amuna anga anali ometa. Anameta anthu zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko, ka mipando iwiri ndi galasi lothetheka pakona. Ntchito imeneyi umagwira utaweramira munthu, mpweya wako uli pamphuno pake.

Zinayamba ndi dalaivala wina wamwano amene ankabwera Loweruka lililonse. Tsiku limenelo ndinali komweko, ndinawapititsira chakudya. Akumumeta ndevu, iye anapotoza mutu.

"Madala, mwameza khoswe wakufa kodi? Metani mutayang'ana kumbali, ndikadali ndi ana aang'ono ine."

Anthu a pabenchi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amuna anga anasekanso nawo.

Madzulo anabwera ndi botolo la madzi obiriwira, mankhwala ochukuchira m'kamwa. Anathira m'kachitsekerero, nachukucha, nalavula misozi ili m'maso.

"Mayi ake mwana, izi ndiye zenizeni. Zikuwotcha! Tizilombo tonse tafa."

Kunena zoona, fungo linachoka. Ine ndinasangalala. Ndinali nditapirira fungo lija chaka chathunthu osanena, poti munthu wamkulu sumuuza zotere. Nkhama zawo zinkatuluka magazi akamatsuka mano, thovu limachita kufiira. Ndiye atapeza botolo anati mswachi ndi umene ukuwavulaza.

Patapita masabata, ndinaona kuti m'kapu ya pawindo mwatsala mswachi wanga wokha.

"Wanu uli kuti?"

"Wapeza ntchito ina."

Ndinakaupeza kometera kuja. Ankatsukira mashini ometera. Amuna anga pa zida zawo anali munthu wosamala kwambiri. Mwana wathu wamwamuna, amene ankameta pa mpando wachiwiri, akangothira sipiriti pa mashini osayamba wakwecha, ankamukalipira pamaso pa anthu.

"Iwe, sipiriti sachotsa litsiro! Kwecha kaye, tsitsi lichoke m'mano mwa mashinimo, sipiriti pambuyo. Ukufuna upatse anthu zipere?"

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri. Sindinaganizepo kuti ndiwabwezere eni ake.

Miyezi inapita. Fungo linayamba kubwerera msanga. Akachukucha m'mawa, pofika masana layambanso, ndipo tsopano linkatulukira pansi pa kununkhira kuja ngati nyama yoola yokutidwa ndi maluwa. Anayamba kuyenda nalo botolo m'thumba la jekete. Litatha, ndine ndinakagula lina, lalikulu. Ndi manja angawa.

Kenako dzino lam'munsi, la kumapeto, linayamba kuwawa. Ankatafunira mbali imodzi. Tiyi akatentha ankagwira tsaya n'kutseka maso. Ndinawakakamiza mpaka tinapita kwa dokotala wa mano, mayi wamng'ono thupi, wolankhula mosathamanga. Anawagoneka pa mpando uja, nawaunika, nakanda ndi kachitsulo. Anatulutsa chinthu chachikasu cholimba, nandionetsa.

"Amayi, mukuona? Zotsalira zimamata pa dzino ngati mafuta pa mbale. Mbale yamafuta mungoithira madzi onunkhira n'kuiika pa shelefu?"

"Ayi, timakwecha."

"Ndi mano chimodzimodzi. Mankhwalawa si oipa. Amapha tizilombo tina, amaphimba fungo kwa kanthawi, ena amalimbitsako mano. Koma zomatazi sachotsa. Pamafunika mswachi kawiri pa tsiku, ndi kaulusi kolowetsa pakati pa mano pamene mswachi sufika. Zikakhalitsa zimauma ngati mwala chonchi, ndiye ngakhale mswachi sungathe, timachita kupala kuno."

"Nanga magazi aja?" anafunsa amuna anga. "Mswachi umandicheka."

"Sumakuchekani, bambo. Nkhama zatupa chifukwa cha litsiro lomweli. Mukanapitiriza kutsuka mofatsa, magazi akanachepa. Fungo lija limakuuzani kuti muli matenda, inu mwalitseka pakamwa."

Dokotalayo anati dzinolo labooka mpaka mkati, lichotsedwe tsiku lomwelo. Amuna anga anadzuka pa mpando. Linali Lachisanu.

"Mawa ndi Loweruka, adokotala. Ndimete anthu tsaya lili lotupa, thonje m'kamwa? Ndibwera Lolemba."

"Musadutse Lolemba. Ndipo mukaona kutupa pansi pa chibwano, kapena kumeza kukuvuta, musadikire kuti kuche. Thamangani kuchipatala chachikulu."

Lolemba m'mawa anadzuka akuimba kamluzu. Dzino lasiya kuwawa. Analigogoda ndi chala ndikuona.

"Waona? Ndachukucha kasanu dzulo. Akanandizula dzino labwinobwino mtsikana uja."

Ine mtima unakhala pansi. Ndinawaphikira tiyi wotentha, anamwa osagwira tsaya. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza a kuchipatala kuti dzino likasiya kuwawa lokha chonchija, nthawi zambiri ndiye kuti kamtsempha ka mkati kafa, ndipo mafinya akufuna njira yopita pansi. Madzi ochukucha safika kumeneko. Amangodutsa pamwamba n'kulavulidwa.

Panatha masabata atatu. Lachitatu lina anabwera kunyumba masana, zimene sankachita. Anati akumva kuzizidwa. Pansi pa chibwano panali potupa pang'ono, ndikagwira polimba ngati thabwa, potentha.

"Tiyeni kuchipatala. Adokotala ananena."

"Ndi mwanabere chabe. Ndipatse botolo."

Ndinawapatsa.

Lachinayi kutupa kunafika mbali zonse ziwiri. Kolala ya shati sinatseke. Mawu anasintha, ankalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Anathira mankhwala aja m'kachitsekerero, koma kukamwa kunangotseguka pang'ono, madzi obiriwira anatsikira pachifuwa. Lilime linali litakwera m'mwamba. Malovu ankangotuluka, kumeza osatheka. Anakana kugona chagada, anakhala pa mpando ataweramira kutsogolo, manja pa maondo, akupuma ngati munthu wokoka chinthu cholemera.

Apa sindinafunsenso. Ndinaitana mwana wathu, anatseka kometera, tinawanyamula pa galimoto ya aneba.

Kuchipatala anamwino atangowaona khosi anayamba kuthamanga. Dokotala wina wamtali anandifunsa kuti kutupa kunayamba liti. Ndinati dzulo masana. Anawalowetsa kukang'amba khosi kuti mafinya atuluke, anawaika paipi yopumira. Anakhala masiku anayi. Anati matenda alowa m'magazi. Tsiku lotsatira m'mawa anamwino anandipatsa jekete lawo m'pepala la pulasitiki, botolo lili m'thumba, latsala theka.

Anthu pa maliro ankafunsa kuti anadwala chiyani. Ndikati dzino, ankandiyang'ana ngati ndikubisa matenda ena.

Tsopano kometera kuli mwana wathu. Sabata yatha ndinapitako koyamba chimwalirire bambo ake. Zonse zili m'malo mwake, galasi lothetheka lija, benchi, ndi mswachi uja uli m'chitini pamodzi ndi zipeso, wadzaza titsitsi ta anthu. Mwana anawerama kuti andipatse moni, ndipo ndinamva kununkhira kuja. Kobiriwira kuja.

"Watsuka mano lero?"

"Aaa, amayi, ndinachedwa. Ndangochukucha."

"Dzulo?"

Anaseka, nayang'ana kumbali. Poseka ndinaona nkhama zake, zofiira m'mphepete mwa mano.

Pabenchi panali anthu anayi akudikira. Ndinapita pa golosale ya pafupi, ndinagula mswachi ndi mankhwala ake, ndinafunsanso kaulusi kaja. Nditabwerera ndinazimitsa mashini pakhoma, munthu ali pa mpando mutu wometedwa theka.

"Amayi, anthu akuona!"

"Aone. Kwecha kaye."

Anatuluka panja ndi kapu ya madzi, ine ndili pambuyo pake. Thovu loyamba limene analavula linali lofiira. Anandiyang'ana, mswachi uli m'mwamba, akufuna kusiya.

"Pitiriza," ndinatero. "Ndipo mawa tikupita kwa adokotala aja. Ndikudziwa kuti ndi Loweruka."