Mphindi zitatu za a Mphepo

Anthu amaganiza kuti kuyendetsa mwambo wa maliro n'kungoima kutsogolo ndi pepala m'manja. Ayesere tsiku limodzi aone. Ine ndayendetsa maliro ambiri kuno kwa Santhe chifukwa ndine mphunzitsi, ndili ndi wotchi komanso mawu omveka patali. Koma maliro a Lameki amandiwawa mpaka lero.

Lameki anamwalira mu Novembala, fodya wake ali pa nazale, mizere kumunda ataunga kale. Anasiya mkazi, Lefina, ndi ana atatu. Lefina anali mtengwa: kwawo ndi kwa Simlemba, ndipo anakhala pamudzi wa mwamuna wake zaka khumi ndi zinayi. Mudzi wonse unkadziwa funso limene linalipo, ngakhale panalibe wolitchula. Kodi mayiyu apitiriza kulima munda uja, kapena abale a Lameki amuuza kuti anyamule ana azipita?

M'mawa wa tsiku loika maliro tinakhala pansi pa chigafa kuti tikonze ndondomeko. Abusa anali atanena kale zawo. Pofika wani koloko mwambo ukhale m'manja mwa mpingo, chifukwa iwo anali ndi maliro ena kutsidya, ndiponso kumwamba kunkaoneka kuti mvula ikubwera. Ndipo mpingo ukangolandira mwambo, palibenso wakubanja kapena mfumu amene amalankhula. Zotsala ndi nyimbo, ulaliki ndi ulendo wakumanda.

Amene anabwera ndi zofuna za banja anali Zakeyo, mng'ono wa malemu. Munthu ameneyu sindinkamukhulupirira, ndinene poyera. Chaka chathacho ankazungulira m'midzi pa njinga kugula makuponi a feteleza kwa nkhalamba, ndipo maso ake sakhazikika malo amodzi.

“Aphunzitsi, lembani,” anatero. “Pemphero. Kenako mbiri ya malemu ndi kadwalidwe kake, ndinena ine. Akalabu ya fodya. Akomiti ya chitukuko ali ndi chilengezo cha makuponi. Amfumu. Basi, tipereke ku mpingo.”

“Nanga a Mphepo?” ndinafunsa.

A Mphepo ndi amalume awo a Lameki ndi Zakeyo, ndiwo mwini mbumba. Pamaliro a mwana wa mlongo wawo, iwo osalankhula?

“Amalume atopa. Wakubanja alankhule mmodzi, nthawi yachepa.”

“Nthawi ya makuponi ilipo, koma ya amalume anu palibe?”

Anayang'ana kumbali. “Aphunzitsi, za m'nyumba ndi za m'nyumba. Chonde musawapatse mpata.”

Ndinalemba monga ananenera, koma mtima wanga unayamba kuwira. Ndinaona kuti wandipeza wogona. Kudzaza ndondomeko ndi anthu akunja kuti wotchi imugwirire ntchito! Ndipo atachoka pamenepo ndinamuona kuseri kwa nkhokwe akunong'onezana ndi wapampando wa kalabu, munthu amene akayamba kulankhula amayambira pa chaka chimene anabadwa. Ndinangoti, eya, ndakugwira. Iwe ukufuna munda, nazale ndi kuponi ya m'bale wako, ndipo ukuopa kuti nkhalamba ikaimirira iteteza wamasiye.

Cha m'ma leveni a Mphepo anandikodola. Ndi munthu wofatsa, wa jekete lotuwa, mkulu wa mpingo kuyambira ndili mwana. Anandigwira dzanja n'kulankhula motsitsa.

“Mwanawe, ndamva kuti dzina langa palibe pa pepala lako.”

“Ndi zimene andiuza akubanja, bambo.”

“Banja lake liti? Ine ndili ndi mawu pang'ono okhudza mtengwa wathu ndi munda. Ndikufuna amfumu ndi anthu onse amve lero, pasadzakhale kukangana m'mbuyo.”

Sindinafunse kuti mawu ake ndi otani. Ndikanafunsiranji? Mlandu ndinali nditaweruza kale m'mutu mwanga. Lefina sindikanatha kumufikira, anali m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi, ndipo mwamuna sungalowe m'menemo ndi pepala kukafunsa za minda. Ndinabwereranso kwa Zakeyo? Ayi. Ndinangotenga cholembera n'kuika kachizindikiro pakati pa akomiti ndi amfumu.

Tinayamba kota pasiti thwelofu, anthu atatha kuona nkhope. Zakeyo ananena mbiri mokoka, mpaka kutchula zipatala zonse ndi masiku ake. Wapampando wa kalabu atangofika pa chaka chimene Lameki analowa kalabu, ine ndinaimirira pambali pake n'kuyamba kuyang'ana wotchi moti aliyense aone. Anamaliza mwamanyazi. Nthawi yomweyo uthenga unafika kuchokera kwa adzukulu kuti manda atha.

Wakomiti anali atakonza kale pakhosi, kope lake lili m'manja. Ndinamudula ndisanamupatse n'komwe mpata.

“Za makuponi ndinena ndine mwachidule,” ndinatero. “Mayina akaitanidwa Lachisanu m'mawa pabwalo la sukulu. Aliyense apite yekha, osatuma munthu. Zatha.”

Anthu anang'ung'udza pang'ono, poti nkhani ya makuponi amafuna kuimva ndi mafunso omwe. Ine ndinayang'ana wotchi. Mphindi khumi ndi imodzi kuti wani ikwane. Amfumu akadya zisanu ndi zitatu, zitatu zitsala. Ndinadzimva kuti ndine katswiri.

“Tisanapereke mpata kwa amfumu, tiitane mwini mbumba, a Mphepo. Mphindi zitatu, bambo.”

Zakeyo anadzuka pa benchi ngati waponda moto. “Aphunzitsi!” Koma pamaliro sungakokane ndi woyendetsa mwambo, anthu mazana akukuona. Anakhalanso pansi n'kugwira mutu. Ine mumtima ndinasangalala, Mulungu andikhululukire.

A Mphepo sanadye n'komwe mphindi zitatuzo. Anathokoza amfumu, anathokoza mpingo ndi adzukulu. Kenako anati:

“Mtengwa wathu Lefina watisungira mwana wathu bwino, sitikumunenera choipa. Koma munda umene ankalima Lameki ndi wa mbumba, anabwereka kwa amayi ake. Tikameta, tidzamusudzula mayiyu apite kwawo ndi ana ake mumtendere. Munda ubwerera kwa alongo a malemu. Amfumu mwamva, anthu nonse mwamva.”

Anakhala pansi mofatsa monga anaimirira.

Kumene kunakhala azimayi kunabuka kulira kwina, kosiyana ndi kumene tinkamva chiyambire dzulo lake. Amfumu anangopepesa anamfedwa n'kupereka chilolezo chopita kumanda. Akanati chiyani? Mwini mbumba walankhula za mbumba yake. Ine ndinapereka mwambo ku mpingo wani koloko yeniyeni, ndipo abusa anandigwedezera mutu kuti ndasunga nthawi.

Panjira yakumanda Zakeyo anandipeza. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Koma analankhula ngati munthu wotopa.

“Achimwene anandigwira dzanja kuchipatala kuti alamu ndi ana asachoke pamunda paja. Alongo anga awiri ndinali nditawanyengerera kale. Anatsala amalume okha. M'nyumba, aphunzitsi, nkhalamba imatha kubweza mawu. Pagulu sibweza.”

“Bwanji sunandiuze?”

“Ndiwaneneze amalume anga kwa munthu wapadera, maliro ali m'nyumba? Ndinakuuzani chofuna cha banja. Ntchito yanu inali kulemba.”

Manyazi anandigwira, ndipo mkwiyo umene ndinausunga m'mawa wonse ndinalibe pouika.

Adzukulu atamaliza kukwirira, mlembi wa mpingo anandipatsa pepala la oyala nkhata kuti ndiwerenge, poti mawu ake samveka patali. Dzina loyamba linali la Lefina. Ndinaliitana. Anabwera atagwiriziridwa ndi azimayi awiri, anaika nkhata yake, ndipo podzuka anandiyang'ana.

“Zikomo aphunzitsi,” anatero. “Mwayendetsa bwino.”

Ankanena zoona kuchokera pansi pa mtima. Sankadziwa kuti dzina la a Mphepo pa ndondomeko panalibe.