Tute ndi Nshawa za pa Msewu wa Kasama

Chiyambireni kudwala sitiroko, Ba Lombe sanadyepo pamaso pa mlendo. Dzanja lawo lamanja linafa, ndipo lamanzere linkanjenjemera likanyamula supuni. Munthu amene anagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya fakitale ku Heavy Industrial Area, malaya ake osaonekapo banga, sakanalola kuti anthu aone msuzi ukutsikira pachifuwa pake.

Tsopano mlongo wawo anali atawaitana ku Kasama, ulendo wonyamuka m'mawa n'kufika dzuwa litalowa.

"Nizavala suti, ndipo sinizadya," anatero. "Njala ya tsiku limodzi siipaya munthu."

Ba Felistus, akazi awo, sanatsutse. Ankadziwa kuti mankhwala a masana amawapotokola m'mimba akawamwa osadya, ndi kuti akakana chakudya akananso mankhwalawo.

Madzulo a tsiku loti mawa lake anyamuka, Ba Felistus anakoleza mbaula pakhonde la nyumba yawo ku komboni ya George. Mpongozi wawo Sophie anatulukira ali ndi kontena ya pulasitiki.

"Bamayo, niphike mpunga na nkhuku ya supu. Batate baikonda."

"Mpunga wotsekera m'kontena pa kutentha uku? Pofika Serenje uzankhala wasasa. Na supu izathera pa suti. Bweretsa nshawa."

Ba Felistus anakazinga nshawazo, mtedza uja, pamoto wochepa, nawazamo madzi amchere mpaka zinauma gwa. Zitazizira anazifikisa m'manja n'kuzipeta, kuti pasatsale khungu logwera pa jekete. Kenaka anaotcha tute, chinangwa choviika m'madzi chija chimene anthu a kwawo amadyera limodzi ndi nshawa, nachiduladula tizidutswa tolowa m'kamwa kamodzi. Anaotchanso timbatata ting'onoting'ono. Mazira anawaganizira, popeza owiritsa bwino amasungika m'chikamba chake, koma dzanja limodzi silisenda dzira, ndipo amuna awo sakanalola kusendedwera anthu akuona. Vitumbuwa anavikana chifukwa cha mafuta.

Sophie anafuna kumanga zonse m'pulasitiki zikadali zofunda.

"Leka vipole. Chakudya chikachita thukuta ndiye chaonongeka. Tizamanga mu pepala."

Fungo la tute linawatulutsa Ba Lombe m'nyumba. Anakhala pampando, ndodo ili pakati pa miyendo, nayang'ana mbaula nthawi yaitali. Fungo lomwelo ndi limene ankanyamuka nalo kale, pamene msewu wa Kasama unkadya masiku awiri ndipo mayi aliyense ankakwera basi ndi kamba wophikira yekha. Masiku amenewo munthu sankamasula phukusi osayamba wapatsa woyandikana naye. Lero wachinyamata amagula chipisi pa windo, nadya yekha maso ali pa foni, nataya pepala pansi.

"Bana Chola," anawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, "munkoyo mulibe?"

"Kuti mukasambikenso basi yonse?"

Ba Lombe anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Sophie anafunsa nkhani yake. Pa ulendo wawo woyamba ali chikwatirane, ananyamula munkoyo, chakumwa chonga thobwa, m'chigubu, ndipo Ba Lombe anamanga chitsekerero ndi mphamvu zawo zonse. Chakumwacho chinapitiriza kuwira ndi kutentha kwa basi. Atatsekula pa Kapiri Mposhi, thovu linakafika kudenga ndi pa duku la mayi wina wa Mpika.

"Mayi uja ananitukwana mpaka pa nyumba yake," anatero Ba Lombe akupukuta misozi. Koma atangotha kuseka anaonjeza kuti, "Mwavutika chabe. Nakamba kale."

M'mawa anakwera basi pa siteshoni ya Intercity. Ba Felistus anawakhazika amuna awo kumbali ya kanjira, kumene dzanja lamanzere linali lomasuka, ndipo anathira nshawa ndi tute m'kathumba ka pepala n'kukalowetsa m'thumba lamanzere la jekete. Ba Lombe anaona, koma anayang'ana kutsogolo.

Anadutsa Kabwe osakhudza kanthu. Anadutsa Kapiri. Dzuwa litafika pamutu, Ba Felistus anatulutsa mankhwala, nawagwira m'dzanja.

Kutsidya kwa kanjira kunakhala bambo wina wa imvi, amene sanagule kanthu paliponse pamene basi inaima. Ba Lombe anamuyang'ana kawiri. Kukhala ndi chakudya m'thumba mnzako ali ndi njala kunali kwa iwo chamanyazi choposa banga lililonse. Anatulutsa kathumba kaja, nakatambasulira kutsidya.

"Tengani, bakalamba. Ni va kunyumba."

Bamboyo anawomba m'manja, natapa. "Tute! Nanga imwe? Sinizadya neka monga mfiti."

Ba Lombe anaika kathumbako pamwendo, natola kachidutswa ndi zala ziwiri. Dzanja linanjenjemera, koma panalibe chotayika. Anatolanso nshawa, kenaka china. Pa suti sipanagwe kanthu.

"Bana Chola," anatero akutafuna, "mchere wachepa. Nipatseni mankhwala aja na madzi."